Sitoko ya pa msika wa pa intaneti ikubwerera pa nambala yakale katundu atagulidwa kale

Chikondi Mbewe, Crown Mines
Moni nonse akuluakulu. Ndimagwira ntchito kwa munthu wina wogulitsa zipangizo za mafoni, ndipo tili ndi katundu wa mitundu 1,800 pa msika wina wa pa intaneti wa muno m'dziko la South Africa. Ndinalemba pulogalamu ya Python imene ola lililonse imawerenga sipuredishiti yathu ya sitoko n'kutumiza kuchuluka kwa katundu ndi mitengo kudzera pa API ya ogulitsa, chinthu chimodzichimodzi. Mavuto alipo awiri. Ikafika cha pakati, seva imayamba kuyankha `429`, ndipo katundu wa kumapeto kwa mndandanda sasintha. Lachiwiri ndilo likundisowetsa tulo: tinalandira maoda 15 a mabatire otchajira foni pamene pa shelefu panali 12 okha, ndipo abwana anakakamizika kubweza ndalama za makasitomala atatu. Kodi mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi?

A Phiri, Rosettenville
Achimwene, `429` ikutanthauza kuti mukugogoda pakhomo mofulumira kwambiri kuposa mmene eni ake amalolera. Ikani `time.sleep(1)` pakati pa chinthu chilichonse ndi chinzake, ndipo zonse zidutsa. Ndikuganiza kuti mabatirewo ali kumapeto kwa mndandanda, n'chifukwa chake nambala yake sinatsike.

Mayi Gondwe, Midrand
A Phiri anena zoona pa tanthauzo la `429`, koma kudikira sekondi imodzi pa zinthu 1,800 ndi mphindi 30, ndipo pa nthawi yonseyo anthu akhala akugula pamene pulogalamu ikutumiza nambala zimene inawerenga poyamba. Mankhwala oyamba ndi kuchepetsa zotumizazo. Sungani nambala ndi mtengo umene munatumiza komaliza pa chinthu chilichonse, ndipo muzitumiza zokhazo zimene zasintha, chifukwa pa ola limodzi sizingasinthe zonse 1,800. Kenako onani m'malangizo a API ya msika wanuwo ngati muli njira ya `batch`, yotumizira zinthu zambiri pa ulendo umodzi. Seva ikakanabe, yang'anani ngati yatchula nthawi yodikira:

```python
if r.status_code == 429:
    time.sleep(int(r.headers.get("Retry-After", 30)))
```

Koma za mabatire ndikukayika kuti zikuchokera pamenepo. A Mbewe, nambala ya m'sipuredishiti yanu imatsika nthawi yanji, oda ikangolowa kapena katundu akapakiridwa?

Chikondi Mbewe, Crown Mines
Zikomo Mayi Gondwe. Imatsika anyamata a ku nyumba yosungiramo katundu akapakira n'kulemba, kawirikawiri masana. Ndaonanso kuti mabatirewo ali kumayambiriro kwa mndandanda, ndipo seva inayankha `200` tsiku limenelo.

Mayi Gondwe, Midrand
Ndiye vuto lapezeka, ndipo likanachitika ngakhale `429` ikanapanda kuoneka n'kamodzi komwe. Tiyeni tiwerengere limodzi. Nthawi ya 10:00 pulogalamu yatumiza 12. Nthawi ya 10:40 makasitomala agula atatu, ndipo msika wachotsera wokha, watsala ndi 9, zimene zili zolondola. Nthawi ya 11:00 pulogalamu yanu yawerenga sipuredishiti, imene ikunenabe 12 chifukwa atatu aja akadali pa shelefu osapakiridwa, ndipo yafafaniza 9 uja n'kulembapo 12. Tsopano msika ukhoza kugulitsanso 12 pamwamba pa atatu oyamba, ndipo ndi mmene maoda anafikira 15. API imachita zimene mwaiuza, siidziwa kuti nambala yanuyo ndi yakale.

Chotero musatumize zimene zili pa shelefu, koma zimene zikadali zoti n'kugulitsidwa. Musanatumize, yambani mwatenga kudzera pa API yomweyo maoda onse amene sanapakiridwe, n'kuwachotsera:

```python
zogulitsika = max(0, pa_shelefu - maoda_osapakira - zosiya)
```

Nambala ya `zosiya` ndi ya katundu amene mumamubisa dala kuti msika usamuone. Ngakhale mutawerengera bwino chotani, pamakhala kamphindi pakati pa kutenga maoda ndi kutumiza sitoko, ndipo oda ikhoza kulowa pomwepo, makamaka pa Black Friday. Pa katundu woyenda msanga ine ndimasiya awiri, pa woyenda pang'onopang'ono sindisiya kanthu. Samalaninso kuti oda imene yapakiridwa ichoke pa `maoda_osapakira` nthawi yomweyo imene `pa_shelefu` yatsika, apo ayi mudzachotsera kawiri ndipo katundu adzaoneka ngati watha pamene alipo.

Bambo Nkhoma, Mayfair
Ine changa ndi china pang'ono, koma mwina n'chimodzimodzi. Ndimagulitsa nsapato, ndipo ndikatumiza fayilo ya CSV, msika umandiuza kuti mabakodi ambiri sakudziwika, pamene pa bokosi alipo ndipo ndi olondola. Kodi nanenso ndichotsere maodawo?

A Phiri, Rosettenville
Ayi Bambo Nkhoma, lanulo ndi la Excel. Bakodi imakhala ndi manambala 13, ndipo Excel ikaiona ngati nambala yowerengera imaionetsa mwachidule, monga `6,97123E+12`. Mukasunga ngati CSV imalemba chidulecho, ndipo manambala akumapeto amatayika osabwereranso. Imadyanso ziro woyambirira. Tsegulani fayiloyo mu Notepad ndipo muona nokha. Mzere wa mabakodi uzikhala `Text` musanalowetsemo kanthu, ndipo amene aonongeka kale muwalembenso kuchokera pa mabokosi.

Chikondi Mbewe, Crown Mines
Ndasintha pulogalamu monga mwanenera, Mayi Gondwe, ndipo tsopano ikutumiza zosintha zokha kudzera pa `batch`. `429` yasiya kuoneka. Koma pa zinthu 40 zimene ndatumiza, zisanu sizinasinthe pa msika, ngakhale kuti yankho linali labwino.

Mayi Gondwe, Midrand
Pa njira ya `batch`, yankho loyamba kawirikawiri limangotsimikiza kuti mtolo walandiridwa ndipo uli pamzere, osati kuti chinthu chilichonse chavomerezedwa. Muyang'ane m'yankholo nambala ya mtolowo, mudikire pang'ono, kenako mufunse zotsatira zake, ndipo mupeza chifukwa chimene chinthu chilichonse chakanidwira. Chofunika kwambiri n'chakuti musalembe kuti "ndatumiza" m'kaundula wanu uja mpaka chinthucho chitavomerezedwa, chifukwa mukatero pulogalamu idzaganiza kuti palibe chasintha ndipo sidzachitumizanso. Kamodzi pa tsiku, usiku, muzitenga mndandanda wonse wa pa msika n'kuuyerekeza ndi wanu.

Pa zisanuzo, yambani mwaona mitengo. Kompyuta imene yaikidwa pa chigawo cha South Africa imalemba `249,99`, pamene JSON imafuna `249.99`, ndipo pulogalamu yongochotsa chizindikiro cha `,` imasandutsa mtengowo kukhala `24999`. Ine ndinaika lamulo lakuti mtengo ukasintha kupitirira 20 peresenti, usapite mpaka munthu atauona.

A Phiri, Rosettenville
Pamenepo ndikusiyana nanu pang'ono, Mayi. Pa nthawi yotsitsa mitengo, katundu wambiri amatsika ndi 30 kapena 40 peresenti tsiku limodzi, ndipo munthu mmodzi sangavomereze mazana a mitengo m'mawa umodzi. Ine ndingakonde kuti chinthu chilichonse chikhale ndi mtengo wotsikitsitsa, wowerengera mtengo wopikulira, VAT ya 15 peresenti ndi gawo limene msika umadula, ndipo pulogalamu izikana wokhawo wotsika kuposa pamenepo.

Mayi Gondwe, Midrand
Zimenezo zimateteza ku mtengo wotsika, koma `24999` uja adutsa ndipo katundu angokhala osagulidwa popanda wodziwa chifukwa.

Chikondi Mbewe, Crown Mines
Ndafunsa zotsatira za mtolo uja. Zitatu zakanidwa chifukwa cha chizindikiro cha `,` cha pa mtengo, ndipo ndazikonza. Ziwiri zotsalazo uthenga wake ukuti `offer not found`, pamene pa tsamba la ogulitsa ndikuziona. Ndikukayikira kuti nambala yathu yozindikirira katundu inasinthidwa m'sipuredishiti koma pa msika inatsala yakale, choncho mawa ndikaziyerekeza ndi mabakodi a pa mabokosi. Za malire a mitengo ndikakambirana ndi abwana, popeza mitengo yopikulira amasunga okha.