Nyimbo yamvetseredwa ka 1 miliyoni koma lipoti likuonetsa $870 yokha

Woyimba wa ku Ndirande: Akuluakulu, ndithandizeni chifukwa mutu wandiima. Nyimbo yathu yadutsa masitirimu 1 miliyoni pa Spotify, koma lipoti la kampani imene imatiikira nyimbo pa intaneti likuonetsa $870, pamene aliyense amanena kuti miliyoni imabweretsa pakati pa $3,000 ndi $5,000. Wojambula nyimboyi akufuna 30 peresenti yake ndipo akuganiza kuti ndikumubisira ndalama.

Manijala wa oyimba, Lilongwe: Achimwene, musanakangane ndi wojambulayo, tsegulani lipotilo muone maiko amene omvera anu ali. Spotify ilibe mtengo wokhazikika wa sitirimu imodzi. Mwezi uliwonse, m'dziko lililonse, imasonkhanitsa ndalama za olembetsa ndi za otsatsa malonda, n'kupatula pafupifupi magawo awiri mwa atatu kuti apite kwa eni nyimbo, ndipo aliyense amalandira molingana ndi gawo lake pa masitirimu onse a dzikolo. Tiyerekeze kuti thumbalo lili ndi $20,000 ndipo masitirimu onse ndi 20 miliyoni. Miliyoni yanuyo ikupatsani $1,000 basi. Mtengo wa $0.003 mpaka $0.005 umene anthu amatchula umayandikira zoona ngati omvera ambiri ali ku Amereka kapena ku Ulaya ndipo amalipira mwezi ndi mwezi. Omvera aulere ndi a m'maiko amene kulembetsa n'kotchipa amabweretsa zochepa kwambiri.

Wa gitala, Mzuzu: Zonsezo n'zokometsera chabe. Makampani oika nyimbowa amadya ndalama zathu, ndipo palibe woyimba amene angawawerengere.

Mayi wa nyimbo zauzimu: Ine ndikupempha kuti pasakhale wogula masitirimu pofuna kukweza ndalamazo. Mnzathu wina analipira munthu amene analonjeza kumupezera omvera, koma nyimbo inachotsedwa ndipo ndalama zake zinagwidwa. Apple Music ndiye yabwino, imalipira senti imodzi nthawi zonse.

Manijala wa oyimba, Lilongwe: Mayi, senti imeneyo Apple inaitchula mu 2021 ngati avareji ya olembetsa olipira, osati lonjezo pa nyimbo iliyonse. Achimwene a ku Ndirande, onaninso miyezi imene lipotilo likukhudza, chifukwa limachedwa ndi miyezi iwiri kapena itatu, choncho masitirimu aposachedwa mwina sanalowemo. Dziko la Malawi lilibenso pangano la misonkho ndi Amereka, kotero kampani ya kumeneko ikhoza kudula 30 peresenti pa ndalama zochokera ku Amereka. Ndalama za wopeka nyimbo sizikhala mu lipoti limeneli. Kodi nyimboyo munailembetsa ku COSOMA, bungwe lotolera ndalama za opeka nyimbo?

Wa gitala, Mzuzu: Ndanena kale kuti amadya. Ngati lipotilo amalemba okha, mungatsimikize bwanji kuti maikowo ndi oona?

Mayi wa nyimbo zauzimu: Nanga 30 peresenti ya wojambulayo munagwirizana kuti idzawerengedwa msonkho usanadulidwe kapena utadulidwa? Ngati simunalemberane, mkangano wanu weniweni uli pamenepo.