DEM ya mamita 5 ya K600,000, ndigule kapena ayi?

Wa ku Chinamwali: Akuluakulu, ndikujambula mapu a mapaipi a madzi kuchoka m'phiri la Zomba kutsikira ku chigwa cha Chilwa, sikelo 1:25,000. Ndikatalikitsa makontuwa mamita 20, kuchigwa pepala lili mbee. Ndikaika mamita 5, phiri lonse lada bii. Wina akugulitsa DEM, fayilo yosonyeza msinkhu wa nthaka, akuti yake ya mamita 5 ithetsa zimenezi. Ndigule?

Ndatopa Nazo: Musayerekeze! Ine wina anandidyera K250,000 chaka chatha. Nditatsegula `hillshade`, makhwawa ali phwatalala ngati phala. Inali SRTM, DEM yaulere yomwe ija, anangoiduladula mapikiselo. Foni sayankhanso.

Bwana Dironi: 250 yokhayo mumati mupeza chiyani? Ife timaulutsa dironi, makontuwa a theka la mita.

Ndatopa Nazo: Ulutsani mpaka ku Chilwa tione mabatire.

Mayi Saveya: Achimwene, vuto lanu si DEM, ndi pepala. Pa sikelo imeneyo milimita imodzi ndi mamita 25. Paphompho la madigiri 45, mizere ya mamita 5 imatalikirana mamilimita 0.2 okha, pafupifupi kunenepa kwa mzere womwewo, ndiye kudako. Ya mamita 20 ndi mamilimita 0.8, imawerengeka. Kuchigwa kumene mumatsika mita imodzi pa mamita 100, ya 20 yomweyo imatalikirana masentimita 8. Ngakhale mugule ya mamiliyoni masamuwa sasintha. Pangani awiri:

```
gdal_contour -a elev -i 20 dem.tif c20.gpkg
gdal_contour -a elev -i 5 dem.tif c5.gpkg
```

Ya 20 ikhale ponseponse, mzere wachisanu uliwonse wonenepa. Ya 5 muiike pokhapo posatsetsereka kupitirira madigiri atatu, yodukaduka, kuti wowerenga asamayese chigwa ndi phiri.

Wa ku Chinamwali: Ya 5 ndinayesa pa SRTM, amayi. Kuchigwa kunangotuluka timizere tozungulira ngati mazira a achule.

Mjomba: Tengani Copernicus GLO-30, yaulere, ilibe zimenezo.

Mayi Saveya: Ndi yosalalako, inde, koma nayonso imayeza pamwamba pa mitengo ndi madenga. Paini wa paphiri amasanduka chitunda. SRTM anaijambula mu 2000, pikiselo mamita 30, ndipo imaphonya ndi mamita angapo, ndiye mzere wa 5 umangotsata zophonyazo. DEM-yo isalazeni kaye ndi `r.neighbors` ya mu GRASS GIS, muchotse timizere tatifupi. Koma paipi yodalira kutsetsereka musayale potengera zimenezi.

Bwana Dironi: Ndiye mwavomera kuti agule.

Mayi Saveya: Mamita 5 akunenawo ndi kukula kwa pikiselo, osati kulondola kwa msinkhu. Apereke kachigawo kaulere, mukayeze malo khumi ndi levulo, mufananize.

Mjomba: Levulo ndimabwereketsa, bola mafuta a njinga.

Wa ku Chinamwali: Ndamufunsa, akuti kachigawo ndi K50,000.

Ndatopa Nazo: Nambala yake ikuthera chiyani?