Ndithandizeni pa kalata yopita kwa ondiyesa fesisi

Moni nonse apagulu. Ndili kuno ku Mzuzu, ndateteza fesisi yanga ya masitazi ndipo ondiyesa awiri andipatsa zoti ndikonze zokwana 23. Ndakonza 21, koma chandimanga ndi kalata yowafotokozera momwe ndachitira ndi mfundo iliyonse.

Ndinayamba ndi tebulo la magawo atatu: mawu awo monga anawalembera, zomwe ndachita, ndi tsamba pomwe zili. Supavaiza wanga anaibweza, akuti kungolemba kuti "ndakonza" sikuuza munthu kanthu. Ndinalembanso mwatsatanetsatane, koma nditawonjezera ndime ziwiri m'chaputala chachiwiri masamba onse anasuntha, zomwe zinali patsamba 47 zili pa 49 tsopano. Kodi ndizitchula nambala ya gawo, monga 3.4, m'malo mwa tsamba, kapena zonse ziwiri?

Pavuta kwenikweni ndi pa mfundo ziwiri zotsalazo. Woyesa wakunja akufuna ndifupikitse chaputala chounika zomwe ena analemba, pomwe wapasukulu pathu akuti ndiwonjezere mabuku m'chaputala chomwecho. Ine ndikuona kuti wakunjayo akunena zoona, chaputalacho chinatalikadi. Mfundo inayo akuti ndikafunsenso alimi ena, koma chilolezo changa cha kafukufuku chinatha, ndalama ndilibenso. Ndangoilemba pa zofooka za kafukufukuyu, gawo 5.3.

Inu amene munadutsamo, mfundo imene simunaitsatire munailemba bwanji kuti isamveke ngati mwano? Nanga kalata ikhale imodzi ya onse awiri, kapena aliyense yake? Supavaiza ali paulendo, ndipo ndikuyenera kupereka Lachisanu.