Zaka 39, mimba ya miyezi inayi: chizindikiro chofiira pa kadi la sikelo chitanthauza chiyani?

Amake Taonga, Kapata: Amayi anzanga ndithandizeni. Ndili ndi zaka 39, womaliza ali giredi 6, ndipo ndaimanso. Ku sikelo anesi atangomva zaka zanga anajambula kadi ndi bolopeni yofiira, n'kunena kuti ndikajambulitse sikani, ndidzayezetse shuga, ndiponso ndikachilire ku chipatala chachikulu. Mzere unali wautali, sindinafunse. Usiku sindikugona. Kodi mwana wanga ali ndi vuto?

Anaphiri: Mlamu wanga anachira ali ndi zaka 42, mwana ali bwinobwino. Koma akuti zaka zikapitirira 35 ndi opaleshoni basi.

Mzamba wa ku Katete: Anaphiri, ayi, zaka pazokha sizitengera munthu ku mpeni. Amake Taonga, chofiiracho chikunena zaka zanu, sikuti apeza kanthu pa mwana.

Ambiri amaopa matenda a Down, omwe mwana amabadwa nawo n'kumachedwa kukula thupi ndi nzeru. Mayi wa zaka 35, mpata wake ndi pafupifupi mwana mmodzi pa 350. Wa zaka 40, mmodzi pa 100. Ndiye pa amayi 100 a msinkhu wanu, pafupifupi 99 ana awo sabadwa nawo. Sikani ya pakati pa masabata 18 ndi 22 imaona mutu, msana, mtima ndi pomwe pakhala nsengwa, koma singatsimikize za Down.

Chimene ine chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi bipi. Imakwera mwakachetechete, makamaka masabata 20 akadutsa. Ikafika 140/90 amayezanso mkodzo, kuona ngati impso zayamba kutaya mapuloteni. Mutu wosamva panado, kuona nyenyezi m'maso, kutupa nkhope ndi manja mpaka mphete kukana kuvuka, kupweteka pansi pa nthiti kumanja: musadikire tsiku la sikelo, pitani pomwepo ngakhale ndi usiku.

Amake Taonga: Zikomo amayi. Nanga shuga? Anandibaya chala mwezi watha, anati ili bwino.

Mzamba wa ku Katete: Shuga ya mimba imakonda kuonekera mochedwa, n'chifukwa chake amayeza pakati pa masabata 24 ndi 28. Mumapita m'mawa musanadye, akutengani magazi, mumwa madzi a shuga wolemera magalamu 75, n'kudikira maola awiri akutengeninso. Ikakwera osaidziwa, mwana amakula kwambiri, mapewa n'kuvuta potuluka. Si kiliniki iliyonse imayeza motere, funsani msanga komwe akutumizeni. Iyi ndi mimba yachingati?

Amake Taonga: Yachisanu ndi chimodzi.

Mzamba wa ku Katete: Ndiye mverani za chipatala chachikuluzo. Chiberekero chomwe chabereka kasanu nthawi zina chimachedwa kufinyika mwana akabadwa, magazi n'kutayika ambiri. Ku Chipata Central kuli magazi ndi madokotala pafupi.

Nabanda wa ku Chadiza: Ine ndili ndi zaka 41, anandipatsa asipirini wamng'ono tsiku lililonse. Amake Taonga nawonso azimwa?

Mzamba wa ku Katete: Ameneyo amapatsidwa poona mbiri ya munthu, monga amene bipi inakwerapo pa mimba ina. Asagule okha.

Amake Taonga: Pa mimba ya womalizayu inakwerapo kamodzi chakumapeto, koma sindinawauze. Kadi lakale ndili nalo m'sutikesi, ndipita nalo Lolemba.