Chimanga chachiwisi chikumalimba ndikaphika, ndikulakwitsa pati?

Membala wosatchula dzina: Abale ndithandizeni, Loweruka kukubwera apongozi ndipo amakonda chimanga chophika. Dzulo ndinaphika zisanu pa mbaula, ola ndi theka, makala onse kutha, koma chinatuluka cholimba, timakoko ta njere kumangokanirira m'mano. Alamu anga, omwe sagula ngakhale mchere pakhomo pano, anangoluma kamodzi n'kusiya pambale. Poto wanga wamkulu anabwereka aneba mpaka lero sanabweze, magetsi nawo akungozimazima. Ndiwonjezere nthawi, kapena ndingowotcha?

Mayi a Mapasa: Munathira mchere poyambirira eti? Mchere umalimbitsa khungu la njere. Muzithira chikapsa.

Mlimi wa ku Dimba: Mchere asiyeni nawo amayi. Achemwali, mwatiuza za alamu ndi za poto, koma chimangacho CHINATHYOLEDWA LITI? Nkhani yonse yagona pamenepo. Chimanga chikangochoka paphesi, shuga wake amayamba kusanduka ufa ndipo njere zimayamba kuuma, makamaka kukamatentha. Moto subweza zimenezo. Tengani chimodzi, bayani njere ya pakati ndi chikhadabo. Ikathovoka n'kutuluka mkaka, n'chanthete: mphindi 15 mpaka 20 kuwerengera pomwe madzi ayambiranso kuwira. Mkatimo mukakhala ngati phala lolimba, chayamba kukhwima: mphindi 40 mpaka ola. Chikhadabo chikakana kulowa, chimenecho si chophikira alendo.

Nachisale: Tsinani soda pang'ono muthire, chimafewa msanga ngati nyemba.

Mlimi wa ku Dimba: Ayi. Soda amafewetsadi khungu, koma chimanga choyera chimasanduka chachikasu ndipo akachuluka chimamveka sopo m'kamwa. Apongozi muwapatse zimenezo?

Mayi a Mapasa: Inu abambo musamangotsutsa aliyense. Za mchere anthu ambiri amazidziwa.

Mlimi wa ku Dimba: Supuni imodzi ya mchere m'poto wodzaza madzi singalimbitse chimanga chothyola m'mawa womwewo. Phikani mapoto awiri, wina wa mchere wina wopanda, mudzatiuze.

Bambo a Tadala: Vuto ndi mbewu. Chamakolo njere zake n'zolimba kusiyana ndi haibulidi wambiri, n'chifukwa chake chimakonoleka bwino. Chaka chino dzalani haibulidi.

Nachisale: Alendo akubwera mkuja, inu mukuti adzale?

Wowotcha pa Depoti: Pa zowotchazo mumve bwino. Chanthete kwambiri sichiwotcheka bwino, njere zimaphulika, mkaka n'kutayika, chimanga n'kunyala. Chabwino n'chomwe njere zadzaza koma chikhadabo chikulowabe. Dikirani malawi athe, makala afiire ndi kuyamba kuyera phulusa pamwamba. Sendani makoko, chotsani ndevu, ikani pawaya wotalikirana ndi makala ngati zala zitatu kapena zinayi. Chikayamba kuthetheka tembenuzani pang'ono, mbali ndi mbali, osachisiya malo amodzi kupitirira mphindi ziwiri. Mphindi 10 mpaka 15 chapsa. Malawi amadetsa kunja mkati muli mwauwisi, pomwe moto wozilala umachiumitsa pang'onopang'ono mpaka kulimba ngati mwala. Chikapsa chikulungeni m'makoko ake, chidyedwe chikadali chamoto.

Membala wosatchula dzina: Ndinagula Lamulungu kumsika, chosendasenda kale, n'kuika mufiliji m'jumbo yotsegula. Ndaphika Lachitatu. Kodi zimenezi zili ndi kanthu?

Mlimi wa ku Dimba: NDI ZIMENEZOTU! Masiku atatu, chopanda makoko, mufiliji yomwe ikungozima, ndipo simukudziwa kuti kumsikako chinagona masiku angati. Chinauma musanachiike pamoto. Loweruka chitani izi. Gulani m'mawa womwewo, cha makoko obiriwira ogwira zolimba, ndevu zofiirira koma zosafumbutuka, pothyolera pakhale ponyowa. Bayani njere musanalipire. Posenda siyani makoko awiri amkati. Ena yalani pansi pa poto kuti chimanga chisapserere, ikani chimangacho, thirani madzi owira kale mpaka chimire, funditsani makoko otsala, vindikirani. Poti poto wanu ndi wamng'ono, dulani pakati m'malo mopanikiza, chifukwa chotulukira pamwamba pa madzi chimapsa mochedwa. Pakatha mphindi 20 tongolani njere imodzi mulawe. Ikakhala ikumveka ufa wauwisi, onjezerani mphindi 10.

Mayi a Mapasa: Mwaiwala chachikulu. Chikapsa musachivuule n'kuchisiya pambale poyera, njere zimakwinyika n'kulimba nthunzi ikamachoka. Phulani poto, chisiyeni m'madzi ake omwewo chovindikira mpaka alendo akhale pansi. Ndipo mchere ine ndikuti pomaliza basi.

Wowotcha pa Depoti: Ngati chatsalako cha Lamulungu chija musachiwotche, chingolimbiratu. Chitongoleni muphike pamodzi ndi nyemba mpaka zonse zifewe.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Nanga nditagula Lachisanu madzulo? Loweruka m'mawa ndiye kochapa ndi kukolopa.

Mlimi wa ku Dimba: Usiku umodzi n'zotheka, bola cha makoko ake, pamalo pozizira, osachisenda mpaka madzi awire. Pophika muwonjezere mphindi 5 kapena 10.