Katemera wachitatu wa mwana amene anajomba sikelo

"Mwana wanga uja, amene anaphonya katemera wa masabata 10 madzi atasefukira kuno ku Nsanje, wabayidwa dzulo ali ndi masabata 16. Ndiye wa masabata 14 uja ndikabayitse sabata yamawa?"

Ayi mayi, dikirani masabata 4 athunthu kuchokera dzulo. Katemera wachitatu wa Penta woteteza ku matenda asanu, wa PCV woteteza ku chibayo ndi wa poliyo akalandire ali ndi masabata 20. Muziwerenga kuchokera tsiku limene alemba m'buku lachipatala, osati tsiku lobadwa. Akabayidwa mothinana, thupi limakhala lisanamalize kupanga chitetezo cha katemera wapitayo, ndipo watsopanoyo sagwira bwino.

Kuyambiranso palibe. Woyamba uja wa masabata 6 sanapite pachabe ngakhale panadutsa masabata 10.

Kuchedwaku sikusuntha katemera wowerengera miyezi. Wa chikuku ndi pa miyezi 9 ndi 15 basi. Wa malungo umayamba pa miyezi 5, ndipo apa ambiri amasokonezeka: masabata 20 sanakwane miyezi 5, pamatsala pafupifupi masabata awiri. Mlangizi wazaumoyo akulembereni masiku onse awiri m'bukumo, la katemera wachitatu ndi la katemera wa malungo. Chimfine kapena kutsekula m'mimba pang'ono kusakulepheretseni kupita naye.