Nditsegule bwanji msonkhano wa makhadi a taroti osaoneka ngati woombeza?

Mlongo Wachete

Moni nonse a pa gulu. Ndithandizeni nzeru. Anthu a m'dera lathu timakumana madzulo kamodzi pa mwezi n'kumacheza pa mutu umodzi umene wina wasankha. Ulendo uno mutu ndi makhadi a taroti, ndipo andipatsa ine mphindi 7 zotsegulira. Tikuyembekezera anthu ngati 30. Ambiri sanawaonepo makhadiwa, angomva kuti ndi zoombezera.

Ineyo ndili ndi makhadi a taroti a mtundu wotchedwa Rider-Waite-Smith ndipo sindikhulupirira kuti amadziwa za mawa. Ndimatenga limodzi, n'kuyang'ana chithunzicho, n'kudzifunsa chimene chandikhudza. Zimenezi ndi zomwe ndikufuna anthu amve. Koma zimene ndalemba zikuyamba ndi mawu akuti "makhadi awa salosera", kenako mphindi zisanu zonse ndikungokana ndi kudziteteza. Ndiyambe bwanji? Ndipo nditulutse khadi pamaso pa anthu kapena ndingolankhula? Nanga likatuluka la Imfa nditani?

Mkulu wa Mabuku

Achemwali, kukanako kuchepetseni kufike chiganizo chimodzi. Mukabwereza kanayi kuti "sindikuombeza", mawu amene atsale m'makutu mwa anthu ndi kuombeza komweko. Mbiri ya makhadiwa ikugwirirani ntchitoyo bwino, ndipo imakwana mphindi imodzi. Anayambira kumpoto kwa Italy cha m'ma 1440, m'mizinda ngati Milan ndi Ferrara, ndipo anali a masewera basi. Mpaka lero ku France anthu amasewera taroti pa tebulo, kuwerengerana mapointi, osaganizako za tsogolo. Zowerengera tsogolo zinalowa patapita zaka zoposa 300. Mukanena zimenezo, munthu aona yekha kuti makhadi analipo kale ulosi usanawapeze.

Kenako awonetseni chomwe chili m'manja mwanu. Makhadi ndi 78. Akuluakulu ndi 22, aja okhala ndi mayina ngati Chitsiru, Nsanja, Dzuwa, Imfa. Otsala 56 ali m'magulu anayi: ndodo, zikho, malupanga ndi makobidi. Pamenepo imani, musapitirire kufotokoza gulu lililonse, mphindi zanu zithera pomwepo.

Mphindi zinayi zapakati zipite pa khadi limodzi. Ine ndikanasankha la zikho zisanu. Mwa makhadi anuwo, pali munthu wavala chovala chakuda chachitali, wawerama, akuyang'ana zikho zitatu zogwa zomwe zatayika. Kumbuyo kwake kuli zikho ziwiri zili chilili. Patali pali mtsinje, mlatho ndi nyumba tsidya linalo. Likulitseni pa pepala lalikulu kuti a kumbuyo alione, ndipo musanene tanthauzo lake. Funsani kuti, "Maso anu agwera pati poyamba?" Wina anena zikho zotayika. Wina anena kuti munthuyo sakudziwa kuti kumbuyo kwatsala ziwiri. Pamakhala winanso amene amati akudziwa ndithu, koma sanakonzeke kutembenuka. Mukamva mayankho atatu osiyana, nenani kuti chithunzi ndi chimodzi chomwecho, ndiye kusiyanaku kwachokera mwa oyang'ana. Mfundo yanu yonse yatha pamenepo, ndipo aiona ndi maso awo.

Kadziwa Zonse 88

Akulu, mbiri mwaiyambira pakati. Taroti inachokera ku Iguputo, kwa ansembe akale, Italy inangolandira. Komanso achemwali muwauze kuti Carl Jung, dokotala wa zamaganizo uja, ankachiza odwala ndi makhadiwa, anthu akamva dzina la dokotala amakhala phee.

Mkulu wa Mabuku

Za Iguputo anayambitsa ndi Antoine Court de Gébelin mu 1781. Anaona anthu akusewera makhadiwa ku Paris n'kulengeza kuti ndi buku la nzeru za Aiguputo, popanda umboni. Pa nthawiyo kunalibe ndi mmodzi yemwe wotha kuwerenga zolemba za Aiguputo akale, Champollion anadzazimasula mu 1822. Za Jung muli pafupi koma mwapyola. Analembadi zambiri za zithunzi zomwe zimabwerabwera m'maloto ndi m'nthano za anthu, koma taroti anangoitchula apo ndi apo. Amene analumikiza ziwirizi mwamphamvu ndi anthu obwera pambuyo pake. Achemwali akanena kuti ankachiza nawo, m'chipindamo mukhoza kukhala wina wowerenga amene angawatsutse pagulu.

Kadziwa Zonse 88

Chabwino, za Jung ndavomera. Koma zithunzi zina zikuonekabe za Chiiguputo, onani khadi la Galeta, kutsogolo kuli zilombo za mutu wa munthu zija.

Mkulu wa Mabuku

Zilimodi, koma zili m'makhadi a Rider-Waite-Smith, omwe anatuluka mu 1909 ku London. Anajambula ndi Pamela Colman Smith motsogoleredwa ndi Arthur Edward Waite, nthano ya Iguputo itafala kale. M'makhadi akale galetalo limakokedwa ndi akavalo.

Duwa la Chilimwe

Achemwali poti makhadi muli nawo, munditulutsireko limodzi. Ndinakayesedwa ntchito sabata yatha, sanandiyimbirebe. Anditenga?

Mlongo Wachete

Pepani mchemwali wanga, zimenezo ndi zomwe sindichita. Wodziwa ngati akutengani ndi amene anakuyesaniwo. Ndikufunirani zabwino ndithu.

Mphunzitsi Wopuma

Mwana wanga, funso la Duwa lija musalitaye, chifukwa madzulo amenewo lidzabwera ndithu, ndipo lidzabwera mutangomaliza kunena kuti simulosera. Konzekerani kulitembenuza m'malo mongolikana. "Anditenga?" ndi funso lomwe yankho lake lili kwa anthu ena. Mungamufunse kuti, masiku akudikira ano chikukusowetsani tulo kwenikweni n'chiyani, ndalama, manyazi, kapena kuti simukudziwa chochita akakana? Funso limenelo khadi lililonse lingathandize kulitsegula, chifukwa woyankha ndi mwini wake. Muzindikira kuti mwaterereka mukadzimva mukunena mawu ngati "mudzapeza", "akubwera", "samalani ndi mwezi wa mawa". Chizindikiro china n'chakuti inu mukulankhula kwambiri, mwini khadi wangoti duu akugwedeza mutu.

Pa za Imfa ndili ndi nkhani yanga. Ndinakhalapo pa macheza otere, wotsogolera anasakaniza makhadi n'kuuza mayi wina atole limodzi lovundikira. Linatuluka la Imfa, chigoba cha munthu chitakwera kavalo woyera. Ife sitinkadziwa kuti amuna awo ali m'chipatala. Wotsogolera anayesetsa kufotokoza kuti khadilo limanena za kutha kwa chinthu china ndi kuyamba kwa china, anawaonetsa ngakhale dzuwa lomwe lili patali pakati pa nsanja ziwiri. Mayiwo sanamve kalikonse. Anakhala chete mpaka kumapeto, ndipo ulendo wotsatira sanabwere. Choncho pagulu la alendo, ine ndimati yalani makhadi chagada, zithunzi zikuoneka, munthu asankhe yekha lomwe lamukoka. Palibe anganene kuti khadi lamusankha.

Nyenyezi ya M'mawa

Amayi, nkhaniyo ndi yowawa koma sindikugwirizana nanu kwathunthu. Munthu akasankha yekha amatenga chithunzi chomusangalatsa, Dzuwa kapena Nyenyezi, n'kunena zomwe amadziwa kale. Ubwino wa khadi lovundikira ndi woti limakupatsa chithunzi chimene sukanachifuna. Ine linandigwera la Mdyerekezi nthawi ina ndili pa ntchito yomwe inkandidwalitsa. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti maunyolo omwe ali m'khosi mwa anthu awiri a pachithunzipo ndi okhwefuka, akhoza kungowavula. Sindikanalitola ndekha khadi limenelo ngakhale pang'ono.

Mphunzitsi Wopuma

Munali nokha m'nyumba mwanu, mwana wanga, ndiponso makhadi munkawadziwa kale. Apa tikunena anthu 30 akuyang'ana munthu mmodzi.

Nyenyezi ya M'mawa

Ndiye achotsemo Imfa, Nsanja ndi malupanga khumi, otsalawo asakanize.

Mkulu wa Mabuku

Kuchotsa mobisa ayi. Wina akafunsa kuti la Imfa lili kuti, muyankha chiyani? Mukati ndinalichotsa kuti lisagwere munthu, mwavomereza kuti lili ndi mphamvu. Ngati mukufuna, lionetseni nokha lili m'manja mwanu, losagwera aliyense, munene kuti ndi khadi nambala 13 ndipo mwa makhadi 78 lili ndi mwayi wotuluka wofanana ndi lina lililonse.

Bambo a Mapasa

Ine ndinene mosabisa. Deuteronomo 18 amaletsa kuombeza, ndipo kusintha dzina sikusintha chinthu. Ngati nkhani ndi kudzisanthula, bwanji osatenga zithunzi wamba? Pakufunikiranji makhadi omwe dziko lonse limawadziwa ngati a oombeza?

Mlongo Wachete

Bambo, funso lanu ndi lachilungamo. Zithunzi wamba zingagwire ntchito ndithu. Chomwe ndimakondera awa n'chakuti pafupifupi khadi lililonse lili ndi munthu ali pakati pa chinthu china, wina akuchoka, wina akulira, wina wasenza katundu womupyola. Koma anthu oganiza ngati inu adzakhalapo, ndiye ndiwauza pachiyambi kuti palibe wokakamizidwa kugwira khadi, kungomvetsera n'kokwanira.

Bambo a Mapasa

Awuzeni pa uthenga woitanira, asanachoke kunyumba. Kuuza munthu atakhala kale pampando n'kumupanikiza.

Wa Manambala

Ndiwonjezereko chimodzi. Ngakhale munene bwanji kuti si ulosi, wina adzati, "Koma khadili landinena ndendende!" Musasangalale nazo. Mu 1948 katswiri wa zamaganizo Bertram Forer anapatsa ophunzira ake pepala lofotokoza khalidwe la aliyense, n'kuwauza kuti lachokera pa mayeso omwe analemba. Onse analandira mawu amodzimodzi, koma atafunsidwa kuti likuwanena molondola bwanji, anapereka mamalikisi opitirira 4 pa 5. Mawu otakata aliyense amadzipezamo. Sindikuti muinene nkhaniyi m'mphindi 7 zija, isungeni poyankha. Woteroyo mumufunse kuti ndi mbali iti ya chithunzi yamunena, ndipo n'chifukwa chiyani imeneyo osati ina.

Mlongo Wachete

Zikomo nonse. Ndalembanso poyambira, imvani: "Madzulo abwino. M'manja mwangamu muli zithunzi 78 zomwe zinayamba ngati masewera ku Italy zaka pafupifupi 600 zapitazo. Sizidziwa dzina lanu ndipo sizidziwa za mawa. Usiku uno tiyang'ana chimodzi limodzi, ndipo olankhula kwambiri mukhala inu." Kenako zikho zisanu, kenako ndiwauza kuti zomwe munthu wanena zitsale m'chipindamo. Za kuyala chagada kapena kuvundikira sindinasankhebe. Mwina pagulu chagada, ndipo wofuna kutola lovundikira adzachite pambuyo pa tebulo la pambali.

Mphunzitsi Wopuma

Poyambirapo pali bwino. Koma tebulo la pambali lija ndi lomwe likundidetsa nkhawa. Mudzapeza mzere wa anthu, aliyense akufuna mumuuze za banja lake monong'ona, ndipo mudzakhala woombeza amene munamukana uja. Ngati mukuliika, pakhale anthu awiriawiri akufunsana okha, inu muziyendayenda.

Nyenyezi ya M'mawa

Awiriawiri osadziwana? Wina akayamba kulira mnzakeyo atani? Bola atatu, ndipo muwalembere mafunso awiri pa kapepala: ukuona chiyani, ndipo chikukukumbutsa chiyani. Achemwali, chipindacho n'chachikulu bwanji, magulu khumi angakwanemo osamverana?